Musanasaine pepala la nyumba ku Joni, fufuzani mzere wa dipoziti

Mng'ono wanga atapeza chipinda ku Joni ananditumizira chithunzi cha pepala la alandilodi, ine ndili kuno ku Ndirande. "Achimwene, ndisaine?" Ndinamuuza kuti ayambe wadikira. Kuno ku Blantyre tinazolowera kupangana pakamwa, n'kulipiratu miyezi itatu, basi walowa. Ine ndinachita zomwezo nthawi imene ndinkakhala ku Joni, ndipo dipoziti yanga sindinaionenso.

Ku South Africa kuli lamulo la Rental Housing Act la 1999. Mukapempha mgwirizano wolemba, mwininyumba ayenera kukupatsani. Palembedwe mayina anu nonse awiri ndi ma adiresi, chipinda chenichenicho ngati pabwalopo pali zipinda zambiri, lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, kutalika kwa mgwirizano ndi notisi yake. Ngati lendi idzakwere, pepala linene kuti liti komanso ndi zingati. Za madzi ndi magetsi funsani: zili m'kati mwa lendi kapena mudzigula nokha mayunitsi?

Koma pamene anthu athu amalirira kwambiri ndi pa dipoziti. Pepala la mng'ono wangayo linangoti lendi R2,500, dipoziti R2,500. Za kubweza panalibe. Lamulo limati mwininyumba asunge ndalamayo ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'chanu. Mukatuluka popanda ngongole kapena chowonongeka, abweze yonse pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zokonza, achotse mtengo wake, akuonetseni malisiti, yotsalayo abweze pasanathe masiku 14 mutamubwezera nyumbayo. Akagula loko wa R300, inu mulandire R2,200 ndi chiwongoladzanja. Zimenezi zilembedwe.

Nanga adziwa bwanji kuti lokoyo munathyola ndinu? Apa m'pamene ndinagwera ine. Musanalowetse katundu, yenderani chipindacho limodzi ndi mwini wake, mulembe chilichonse cholakwika, ndipo mndandandawo umatidwe ku mgwirizano, nonse musaine. Mng'ono wanga anapeza galasi la windo long'aluka ndi mpopi wodontha umene anaumanga ndi mphira. Akanapanda kulemba, potuluka zikanakhala zake. Jambulaninso pa foni. Potuluka mumayenderanso limodzi, ndipo mwininyumba akalephera kuyendera nanu, lamulo limatenga kuti chipinda mwachisiya bwino.

Mukaona mzere woti mukachedwa kulipira adzakhoma chitseko kapena kutulutsa katundu wanu, musavomere. Kumeneko munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo madandaulo a lendi amapita ku Rental Housing Tribunal kwaulere.

Mng'ono wanga anabwerera kwa alandilodi ndi mfundo zimenezi, anawonjezera ndi cholembera, onse n'kusaina pambali pake. Ndinamuuza asapereke ndalama pamanja popanda lisiti, ndipo kope yake aijambule anditumizire. Ili mufoni mwanga muno.