Madzi a Mvula kwa Maluwa a M'miphika Osapirira Laimu

Madzi a pamjigo ambiri amadutsa m'miyala, ndipo amatenga laimu, kashiamu ndi maginiziyamu. Muwadziwa chifukwa sopo sachita thovu msanga ndipo ketulo imamera makoko oyera pansi. Chomera cha m'munda chimapirira, poti mvula imatsuka nthaka chaka ndi chaka. Cha mumphika chilibe kothawira: dothi ndi lochepa, madzi akauma laimu amatsala, ndipo mukathiriranso mwawonjezera wina.

Tengani maluwa a gadeniya. Amafuna dothi la asidi pang'ono, 5 mpaka 6 pa muyeso wa asidi wotchedwa pH. Laimu akaunjikana pH imapitirira 7, ndipo ayironi, ngakhale alimo m'dothi, sasungunuka, choncho mizu imalephera kumuyamwa. Masamba anthete a kunsonga amasanduka achikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira, ndipo m'mphepete mwa mphika mumayera mbuu. Apa ambiri amathamangira feteleza, koma feteleza amangowonjezera mchere pa mizu yovutika kale. Azaliya, kameliya ndi maokidi amadwala chimodzimodzi. Madzi a mvula alibe laimu, ndipo pH yake ili cha m'ma 5.6.

Kukolola kwake n'kosavuta. Mvula ya milimita imodzi pa sikweyamita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Denga la masikweyamita 20 likalandira mvula ya mamilimita 10 limatulutsa malita pafupifupi 200, okwana kudzaza mgolo, ngakhale ena amatayikira m'njira. Malita 20 oyambirira atayeni, makamaka pakadutsa nthawi yaitali osagwa mvula, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame.

Mgolo ukhale wakuda kapena wosalowa kuwala, kuti ndere zisamere, ndipo usakhale woti munasungidwapo mafuta kapena mankhwala. Polowera madzi mangani sefa kapena neti yotseka masamba ndi udzudzu, pamwamba muvindikire zolimba. Madzi akayamba kununkha, ndiye kuti pansi pali masamba owola, khuthulani, tsukani.

Mphika womwe wayera kale ndi laimu muyambe mwaupala dothi la pamwamba, masentimita awiri. Kenako thirani pang'onopang'ono madzi a mvula ochuluka kawiri kapena katatu kuposa kukula kwa mphikawo, atulukire pa mabowo a pansi, ndipo musawasiye m'mbale ya pansi pa mphika. Poona ngati zasintha, yang'anani masamba atsopano. Akalewo nthawi zambiri sabwereranso.

A mvula akachepa, sakanizani theka ndi theka ndi a pamjigo, ndipo a mvula osasakanizawo sungirani maluwa osapirira okha. Kugoneka madzi a pamjigo m'chidebe usiku wonse sikuchotsa laimu. Dziwaninso kuti madzi a mvula alibe chakudya chokwanira, choncho nthawi yophukira muzithira feteleza wosungunula, theka la mlingo wolembedwa pa paketi.