Powala ndi pa mdima: magwero awiri a mafunde

"Pali masipika awiri, ndidziwa bwanji ngati pamene ndaimapo phokoso likule kapena lizime?"

Yambani ndi kuyeza mtunda wochokera ku sipika iliyonse kufika pomwe mwaimapo, kenako chotserani wina kwa mnzake, ndiye Δx yanu imeneyo. Gawani Δx ndi kutalika kwa funde limodzi, λ, basi yankho lili pamenepo. Mukapeza nambala yathunthu, 0, 1, 2, mafunde afika ogwirizana ndipo akuphatikizana, phokoso likukula, Δx = nλ, pomwe n ndi nambala yathunthuyo. Mukapeza ya theka monga 0.5 kapena 1.5 ndiye kuti nsonga ya funde lina yagwera m'chigwa cha linzake, akuphana, Δx = (n + ½)λ.

Tiyese. Fulikwensi, kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi, ikhale 680 Hz, liwiro la phokoso 340 m/s, ndiye λ = 340/680 = 0.5 m. Mwaima mamita 4 kuchokera ku sipika yoyamba, 4.75 kuchokera ku yachiwiri, Δx = 0.75 m, kugawa ndi 0.5 tipeza 1.5, apa ndi pa zii. Mukafuna kusiyana kwa fezi, kutanthauza momwe funde lina latsalira m'mbuyo mwa linzake, pomwe funde limodzi lathunthu ndi 2π, Δφ = 2πΔx/λ, apa ikutuluka 3π. π, 3π, 5π ndi kuphana, 0, 2π, 4π ndi kuphatikizana.

Koma chenjerani, zonsezi zikuyenda ngati magwerowo ali ndi fulikwensi imodzi ndipo akuyambira limodzi, sipika imodzi mukailumikiza mawaya mosemphanitsa malamulowa amatembenuka, pakati penipeni pamakhala chete. Komanso kuzima kwake sikukhala kotheratu, poti funde la sipika yapafupi limafika lamphamvu pang'ono kuposa linalo.