Bowo likakula, mpata nawo umakula: musataye chitsulo chabwino

Amisiri anzanga a ku Kanengo ndi ku Biwi, musanaponye bulaketi pa mulu wa zotaya poti bowo laphonya malo, yang'anani kaye kabokosi ka pa pulani. Ngati pambuyo pa nambala pali Ⓜ, mwina chitsulocho n'chabwinobwino.

Titenge bulaketi yomangirapo mota ya chigayo. Pulani ikuti bowo likhale pakati pa mamilimita 10.0 ndi 10.2, ndipo kabokosi kolamula malo ake kalembedwa Ø0.1 Ⓜ. Chizindikirochi chikunena za nthawi imene chitsulo chatsala chochuluka kwambiri. Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Chitsulo chimatsala chambiri bowo likakhala laling'ono, ndiye kuti pa 10.0, osati pa 10.2. Mpata wa 0.1, womwe pakati pa bowo paloledwa kusunthiramo, ndi wa bowo laling'onolo. Likakulirapo, bauti imapeza posewerera, ndipo kukulako kumawonjezedwa pa mpata uja. Ndiyo bonasi imeneyo.

Tsopano mwaboola, mwayeza, bowo latuluka 10.15. Bonasi ndi 0.15, choncho mpata wonse ndi 0.25. Pakati pa bowo pasuntha 0.08 cham'mbali ndi 0.06 cham'mwamba. Werengani motere:

```
2 × √(0.08² + 0.06²) = 0.20
```

Musaiwale kuchulukitsa ndi 2, chifukwa mpatawo ndi dayamita. Woyerekeza 0.20 ndi 0.1 yokha ataya bulaketiyo, pomwe 0.20 ikukwana bwino mu 0.25. Zimandipweteka kuona chitsulo chogulidwa modula chonchi chikutayidwa chifukwa cha masamu ochepa ngati amenewa.

Koma samalani poyeza. Dirilo ikamagwedera, bowo limatuluka ngati dzira, ndipo kalipa ikupatsani mbali yotakata, n'kukunamizani bonasi yomwe kulibe. Kukula koyenera kuwerengera ndi kwa pini yaikulu kwambiri imene ikulowa mpaka kutulukira kuseri. Ngati mabulaketi ndi ambiri, pangani geji yokhala ndi pini ya 9.9, kutanthauza 10.0 kuchotsapo 0.1, yoima pamalo enieni a pa pulani. Bulaketi ikakhala bwino pa mbali zoyezerapo, pini n'kulowa popanda hamala, malo a bowo ali bwino. Kukula kwa bowo muyezebe padera.

Bowo laling'ono lomwe laphonya pang'ono mutha kulipulumutsa polikuza, koma malire ndi 10.2. Pamenepo mpata umafika 0.3 basi, mukapitirira, bowo lakanidwa ngakhale litakhala pakatikati penipeni. Ndipo ngati m'kabokosi muli Ø0.1 yokha popanda chizindikiro, palibe bonasi: 0.1 ndi 0.1, bowo likule kaya lichepe.