Mfuwuliro, imoji ndi mawu odula mu imelo ya kuntchito: momwe mungasankhire

Tinene kuti muli ndi bizinesi yogulitsa zipangizo za muofesi. Mwezi watha munaperekera mapepala ndi inki ku bungwe lina, invoisi ya K850,000 inapita, masiku 30 amene munagwirizana akwana, koma ndalama sizinalowe. Mukufuna kulembera mayi wa ku akaunti amene munaonana naye kamodzi kokha. Chala chazolowera WhatsApp, ndiye chimene chikubwera m'mutu ndi ichi: “Madamu, za ndalama zija mpaka pano!! Tithandizeni plz 🙏”. Musanatumize, dutsani m'masitepe awa.

Choyamba, werengani anthu onse amene adzaione imeloyo

Yang'anani mzere wa To ndi wa Cc, kenako ganizirani amene simukuwaona. Imelo yokumbutsa malipiro siithera kwa amene mwamulemberayo. Mayi uja aitumiza kwa bwana wake kuti asayine, mwina aisindikiza n'kuiphatika ku invoisi, ndipo idzakhala m'fayilo mpaka tsiku limene owerengera chuma adzabwere. Kalembedwe kanu kayenera kuyenerera munthu wamkulu kwambiri, kapena wachilendo kwambiri, pa onsewa. Ngati imeloyo ingathe kusindikizidwa kapena kudzakhala umboni, imoji ichoke pomwepo. Palibenso chokambirana.

Chachiwiri, onani chimene mfuwuliro wakhalapo

Mfuwuliro, chizindikiro chija cha !, umakweza mawu a chiganizo chimene uli. Ndiye funso ndi lakuti mukukweza chiyani. “Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu!” ndi kuthokoza kochokera pansi pa mtima. “Titumizireni lero!” ndi kukalipa, ngakhale inu munalemba mukumwetulira, chifukwa wowerenga sakukuonani nkhope. Pa moni, pa kuthokoza ndi pa kuyamikira mnzanu amene wakwezedwa pa ntchito, mfuwuliro umodzi umakhala bwino. Pa pempho, pa lamulo, pa dandaulo, pa nkhani ya ndalama, ya maliro kapena yokana munthu ntchito, ikani mpumiro basi.

Umodzi pa imelo yonse ndi wokwanira. Iwiri kapena itatu yondondozana imamveka ngati munthu wataya mtima, ndipo ikakhala pa mzere wa Subject imafanana ndi maimelo a anthu akuba aja olonjeza mphotho. Wolandira akhoza kuidumpha, kapena makina akhoza kuiponya ku Spam. Ngati nkhani ndi yachangu, changucho chionekere pa tsiku: “pofika Lachisanu pa 14” chimagwira ntchito kuposa mifuwuliro isanu.

Chachitatu, imoji: mudikire wina ayambe, ndipo isalowe m'malo mwa yankho

Vuto la imoji ndi lakuti chimene mwatumiza si chimene wina amaona. Kampani iliyonse imajambula tinkhope timeneti mwa njira yake, choncho kumwetulira kwa pa foni yanu kukhoza kuoneka mwina pa kompyuta ya muofesi, ndipo pa kompyuta yakale kumangotuluka kabokosi kopanda kanthu. Amene analandirapo maimelo ochokera ku Outlook yakale akukumbukira chilembo J chongoima chokha kumapeto kwa chiganizo. Kunali kumwetulira kumeneko: pulogalamuyo inkasandutsa :) kukhala kankhope ka mu zilembo za Wingdings, ndipo makina opanda zilembozo ankangoonetsa J.

Tanthauzo nalo silimodzi. Manja ophatikiza aja, 🙏, wina amati ndi zikomo, wina amati ndi pemphero, wina amati ndi kuchonderera. Mu imelo yanu ya K850,000 akukuonetsani ngati mukupempha chifundo, pamene ndalamazo ndi zanu ndipo munazigwirira ntchito.

Chala cha m'mwamba ndiye chofunika kusamala nacho kwambiri. Mu 2023, khoti la ku Saskatchewan m'dziko la Canada linagamula kuti mlimi wina amene anayankha ndi 👍 atatumiziridwa chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu pa foni, anavomera mgwirizanowo. Iye ankati ankangosonyeza kuti uthenga waulandira, koma khoti linaona mmene iye ndi wogula mbewuyo ankachitira malonda m'mbuyomo ndipo linamulamula kulipira ndalama zoposa madola 82,000 a ku Canada chifukwa chosapereka mbewuzo. Malamulo a kumeneko si a kuno, koma chisokonezo chake n'chomwecho. Wina akakutumizirani kotesheni, lembani mawu: “Ndalandira, ndiyankha Lolemba” kapena “Ndavomera mtengowu.”

Malo a imoji alipo ndithu. Anzanu a muofesi imodzi amene mumadyera limodzi nkhomaliro, pa nkhani yopepuka ngati ya phwando lotsanzikana ndi mnzanu, kankhope kamodzi sikalakwika. Kwa bwana kapena kasitomala, onani kaye maimelo ake awiri atatu a m'mbuyo. Akayamba yekha, mukhoza kubweza kamodzi, osapitirira iyeyo. Ndipo bwana yemweyo akalemba atayika akuluakulu ena pa Cc, bwererani ku mawu okhaokha.

Chachinayi, siyanitsani mitundu ya kudula mawu

Apa ambiri amasakaniza zinthu zosiyana. M'Chichewa, “m'nyumba”, “m'mawa”, “n'kofunika” ndi “n'chifukwa chake” si chibwana ayi. Ndi kalembedwe kamene mumakaona m'mabuku ndi m'nyuzipepala, ndipo kamalowa ngakhale m'kalata yopita kwa mfumu kapena kwa mkulu wa sukulu. Zimene siziyenera kulowa mu imelo ya ntchito ndi zija tinaphunzira nthawi imene uthenga umodzi wa pa foni unkatha pa zilembo 160: zkm, plz, thx, ndi kuseka kwa kkkk. Imelo ilibe malire oterowo, ndiye wowerenga amangoona kuti simunafune kutaya nthawi pa iye.

Popeza maimelo ambiri a m'maofesi athu amalembedwa m'Chingerezi, nkhani ya don't ndi do not imabweranso. Pokambirana za tsiku ndi tsiku ndi anzanu, I'm, we'll ndi don't zili bwinobwino, ndipo kuzipewa konse kumachititsa imelo kumveka youma ngati chenjezo. Koma pofunsira ntchito, polembera ofesi ya boma koyamba, kapena pamene chiganizo chili ndi lamulo kapena ndalama, lembani mawu athunthu. Pali chifukwa china chosakhudza ulemu: munthu wowerenga mothamanga pa foni akhoza kuona can pamene mwalemba can't, koma cannot sangaiphonye.

Tsopano lembaninso

Imelo ija ikhoza kukhala chonchi. Pa Subject: Invoisi 0412, K850,000, malipiro. M'kati:

“Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndikukumbutsa za invoisi 0412 ya K850,000 ya mapepala ndi inki zimene tinapereka mwezi watha. Masiku 30 olipirira anakwana Lolemba. Chonde mundidziwitse ngati pali chikalata chimene chikusowa, kapena tsiku limene tingayembekezere malipiro. Invoisiyo ndayiphatikizanso pano. Zikomo.”

Ulemu ukuchokera mu “chonde”, mu “mundidziwitse” ndi pompatsa mpata woti anene ngati vuto lili kwa inu. Mayiwo akhoza kuitumiza kwa bwana wawo osachotsamo kanthu.

Akayankha kuti “Talipira lero, pepani pochedwa 😊”, nkhani yasintha: ngongole yatha, ndipo iwo ndi amene ayamba. “Zikomo kwambiri, Mayi!” ikukwana, mfuwuliro umodzi. Ndalama zikaoneka ku banki, tumizani risiti mu imelo ina yopanda kankhope, chifukwa imeneyo ikupita m'fayilo.