Kutsekera mnzako njira pa madomino

"Achimwene, timasewera madomino pa Nchalo madzulo. Ndingamutsekere bwanji mnzanga?"

Yambani ndi kuwerenga. Madomino alipo 28, ndipo nambala iliyonse ili pa madomino 7. Sankhani nambala yomwe yakuchulukirani m'manja, muphatikize ndi a nambala yomweyo omwe ali patebulo, kuti mudziwe otsala.

Kenako yang'anani pomwe mnzanuyo walephera kuponya. Tinene kuti kumapeto kuli 4 ndi 2, iye wadutsa: alibe zonse ziwiri. Inu muli ndi 4-2, 4-6 ndi 4-1. Ikani 4-2 kumbali ya 2, uku ndi uku kukhale 4. Adutsanso. Ponyani 4-6, musunge 4-1 ya mbali inayo.

Koma ngati mumatola pamulu, werenganinso, chifukwa akhoza kutola 4. Ndipo musatseke masewera onse madontho anu akadali ambiri, poti amapambana ndi wa madontho ochepa.