Mgwirizano wa lendi: wa nthawi yoikika kapena wa mwezi ndi mwezi?

Ngati mukulembera eni nyumba mgwirizano wa lendi, musanalembe kalikonse afunseni funso limodzi: kodi nyumbayi adzaifunanso liti? Yankho lake ndi limene likuuzeni mtundu wa mgwirizano.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi nyumba ku Area 25 ku Lilongwe, lendi yake K250,000 pamwezi, yolipidwa pa 1. Ngati alibe nayo ntchito chaka chino, alembereni wa nthawi yoikika. Tchulani masiku enieni, monga kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala, osangoti "chaka chimodzi". Mayiyu adziwa kuti K3,000,000 ya chaka ikubwera, ndipo wochita lendi akasamuka pakati popanda chifukwa amakhala waphwanya mgwirizano. Koma chingwe chomwecho chimamanganso mayiyu. Sangamutulutse munthu amene akulipira bwino, ndipo sangakweze lendi ngati simunalembe ndime yolola zimenezo. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasaina zaka ziwiri popanda ndimeyi anangopenya mitengo ya simenti ndi penti ikukwera, lendi ili pomwepo. Ine ndimalangiza miyezi 12, ndipo ngati ipitirira, mulembe tsiku lowunikanso lendi.

Tsono ngati mayiyu akuganiza zogulitsa, kapena mwana wawo wa ku Joni angabwere nthawi iliyonse, sankhani wa mwezi ndi mwezi. Umenewu ulibe tsiku lothera, umatha ndi notisi. Apa mpamene ambiri amapunthwa. Pa malo olembetsedwa ku boma, lamulo limati notisi isachepere nthawi imene lendi imalipiridwa, ndipo ithere pa tsiku lolipira. Mayiyu akapereka notisi pa 10 Juni, mwezi ukwana pa 10 Julayi, koma tsiku lolipira lotsatira ndi 1 Ogasiti. Nyumba aiyembekezere pamenepo. Samalaninso ndi chizolowezi cholipiritsa miyezi itatuitatu, chifukwa mukangolemba choncho wochita lendi angathe kunena kuti notisi nayonso ikhale ya miyezi itatu. Lembani poyera kuti lendi ndi ya pamwezi, notisi ndi ya mwezi umodzi, ndipo iperekedwe polemba kalata. Muwauzenso mayiwo kuti wochita lendi naye ali ndi ufulu womwewo, choncho nyumba ikhoza kukhala yopanda munthu mosayembekezera.

Pomaliza, lembani zodzachitika pa 31 Disembala paja. Wochita lendi akakhalabe m'nyumbamo, mayiwo n'kulandira lendi ya Januwale, mgwirizano umasanduka wa mwezi ndi mwezi, ndipo kumutulutsa kumafunanso notisi. Ngati sakufuna zimenezo, ikani ndime yoti mbali ziwirizi zikambirane kutatsala miyezi iwiri, ndipo asalandire ndalama ya Januwale mgwirizano watsopano usanasainidwe.