Momwe ndinayerekezera ma kalori a nsima pogwiritsa ntchito chithunzi

Mchemwali wanga, amene akuyesetsa kuchepetsa thupi, ananditumizira chithunzi cha mbale ya nsima, chisoso ndi chambo chokazinga kuti ndimuwerengere ma kalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi, koma kuyerekeza kwanga koyamba kunachepa kwambiri. Vuto linali lakuti anajambula kuchokera pamwamba, motero mitanda ya nsima inkaoneka yophwatalala ndipo msinkhu wake sunkadziwika.

Ndinamupempha kuti ajambulenso cham'mbali ataika supuni pafupi ndi mbale, kenako ndinaomola mtanda wofanana nawo ndi chipande changa n'kuuyeza pa sikelo, ndipo unalemera magalamu 200. Komabe chopatsa mphamvu mu nsima ndi ufa, osati madzi. Popeza magalamu 100 a ufa amakhala ndi ma kalori pafupifupi 360, ndipo ine ndinaphika mitanda inayi ndi magalamu 240 a ufa, mtanda uliwonse unali ndi ma kalori pafupifupi 215. Iwiri yakeyo inakwana 430.

Chambo ndinachiika pa 250 nditachotsera mutu ndi minga. Chimene chithunzi chimabisa kwenikweni ndi mafuta ophikira, pakuti supuni yaikulu imodzi yokha ili ndi ma kalori pafupifupi 120. Nditaona kunyezimira kwa chisosocho ndinafunsa, ndipo anavomera kuti anathiramo imodzi. Masambawo pamodzi ndi tomato ndinawapatsa 40, ndipo mbale yonse inafika pa 840.